Tsokonombwe Wagwera m'Ndowa

Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mwambiwu ndi wokondedwa kwambiri ndi anthu okhuta, chifukwa umawathandiza kulangiza wosauka popanda kupisa m'thumba. Ukadandaula kuti zinthu zavuta, amakusisita paphewa nati: "Pang'onopang'ono achimwene, mudzafika." Koma amene anapeka mwambiwu sanatiuze malo amene tsokonombweyo ankadumphira. Pabwalo losesa bwino, n'zoona, adzafika. Tamuponyani m'ndowa. Adzadumpha kuyambira m'mamawa mpaka nkhuku kulowa m'khola, khama lake lofanana ndi la mnzake wa pabwalo uja, koma ulendo uliwonse adzatera pamene anayambira. Akatswiri a zachuma akhala akukangana zaka zambiri pa funso lomweli, ngakhale iwo amalifunsa atavala mataye: kodi munthu wosauka ali pabwalo, kapena ali m'ndowa?

Amene amati ali m'ndowa amatcha zimenezi msampha wa umphawi. Mawuwa satanthauza chabe kuti munthu ndi wosauka kwambiri. Amatanthauza kuti kusauka kwa lero ndiko kukubereka kusauka kwa mawa, ndipo pali malire ena ake: ukakhala pansi pake umabwerera m'mbuyo, ukawadutsa umapita wekha osakankhidwanso.

Tiyerekeze banja limene limadya thumba limodzi la chimanga pamwezi, koma lakolola matumba asanu ndi atatu. Likayamba kudya mu Meyi, nkhokwe imauma kumapeto kwa Disembala, nthawi yeniyeni yopalira ndi kubandira. Bambo ndi mayi amanyamula makasu kukagwira ganyu m'munda mwa eni ake kuti apeze ufa wa tsikulo, munda wawo udzu uli gwa. Zokolola zikubwerazo zidzakhalanso matumba asanu ndi atatu, mwinanso osakwana. Palibe waulesi pano. Anthuwa alima kuposa mwini munda amene akuwalemba ganyuyo. Tsopano muwapatse thumba limodzi. Adzadya mu Januwale, kenako ganyu yemwe uja, ndipo chaka chamawa mudzawapeza pomwe munawasiya. Koma muwapatse matumba anayi nthawi imodzi, kuti afike nawo pokolola. Adzapalira munda wawo pa nthawi yake, akolola okwanira chaka chonse, ndipo chaka chotsatira sadzakufunaninso. Thumba limodzi lija langopita m'mimba, anayiwa atulutsa banja m'ndowa mpaka kalekale.

Mfundo imeneyi ndi yokoma ngati nthano, ndipo opereka thandizo amaikonda chifukwa imalonjeza kuti udzapereka kamodzi kokha. Jeffrey Sachs anailalikira mwamphamvu cha m'ma 2005, nati maiko osauka akufunika kukankhidwa kamodzi koma kwambiri. Midzi yake yachitsanzo inafika mpaka kwa Mwandama ku Zomba. Kafukufuku wa midziyi amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti zaumoyo ndi ulimi zinapita patsogolo, koma pa ndalama zimene mabanja amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku sipanaoneke kusiyana kodalirika ndi midzi ina. Aart Kraay ndi David McKenzie, atasanthula maumboni osiyanasiyana mu 2014, anati misampha yotereyi siipezeka kawirikawiri monga timaganizira. Nthano kukoma sikuti ndi yoona.

Ndiye tingadziwe bwanji? Njira yake ndi yankhanza pang'ono. Mumatenga anthu osauka mofanana, n'kuchita maere: awa alandire ndalama, awa asalandire. Kenako mumadikira. Kudikirako ndiye nkhani yonse, chifukwa ukapita patatha chaka chimodzi aliyense wolandira ndalama amaoneka bwino. Munthu amene wapatsidwa ndalama amakhala ndi ndalama. Pamenepa sipafunika digiri. Chofunika n'kuona zimene zikuchitikira gulu losalandira lija pakapita zaka zambiri. Ngati lili m'ndowa, lidzakhala pomwepo ndipo mpata pakati pa magulu awiriwa sudzatsekeka. Ngati lili pabwalo, lidzafika ndithu, mochedwa chabe.

Kumpoto kwa Uganda anayesa zimenezi. Mu 2008 boma linapereka ndalama kwa magulu a achinyamata amene analemba mapulani ophunzira ntchito zamanja monga utelala ndi ukalipentala, pafupifupi madola 400 munthu aliyense, ndipo magulu olandira anasankhidwa mwa maere. Patatha zaka zinayi, Christopher Blattman ndi anzake anapeza kuti olandira aja ankapeza ndalama zoposa za anzawo ndi 38 pa 100 iliyonse. Nkhani inamveka dziko lonse, anthu anaomba m'manja. Ofufuzawo akanakhala anzeru za dziko akanasiyira pomwepo, koma anabwereranso patatha zaka zisanu ndi zinayi. Anapeza kuti osalandira aja awapeza anzawo. Anagwira maganyu, ena analembedwa ntchito, anasunga pang'onopang'ono, mpaka zopeza zawo zinafanana ndi za olandira. Olandirawo anali adakali ndi katundu wochulukirapo m'nyumba, ndipo ambiri anali pa ntchito zaluso, koma mpata wa ndalama uja unali utatsekeka. Ku Uganda makolo athu anapambana mlandu: tsokonombwe anali pabwalo.

Musafulumire kunena kuti madola 400 aja anatayika. Mnyamata amene akanagula makina osokera ali ndi zaka makumi atatu anawagula zaka zingapo m'mbuyo, ndipo zaka zonsezo ana ake anadya bwinoko. Kufika msanga ndi phindu lenileni. Chimene chinafa ndi nthano yakuti popanda ndalamazo sakanafika n'komwe.

Ku Bangladesh nkhani inatuluka mwina. Mu 2007 bungwe la BRAC linapereka chuma, makamaka ng'ombe, kwa amayi osaukitsitsa amene ankadalira maganyu a m'minda ndi ntchito za m'nyumba za eni ake. Clare Balboni, Oriana Bandiera ndi anzawo anatsatira mabanja pafupifupi 6,000 kwa zaka 11. Iwo anaona kuti ngakhale onse anali osauka, ena anali ndi kakatundu pang'ono asanalandire ng'ombe, ena analibiretu. Choncho ng'ombe yomweyo inafikitsa ena pamwamba pa malire ena ake, pafupifupi mataka 9,300, ndalama za kumeneko, pamene ena inawasiya pansi pake pang'ono. Amene anadutsa malirewo chuma chawo chinapitiriza kukula. Amene anaperewera chinayamba kusungunuka, n'kumabwerera kumene anachokera. Anthu oyamba pafupifupi pamodzi, njira n'kugawikana pawiri: chizindikiro cha ndowa ndi chimenechi.

N'chifukwa chiyani ku Bangladesh kunali ndowa koma ku Uganda kunalibe? Mbali ina yankho lake lili pa ng'ombeyo. Ng'ombe siigulidwa mwendomwendo. Sungagule mchira chaka chino, nyanga chaka chamawa, n'kuyamba kukama mkaka wa theka. Imafunanso khola, chakudya ndi zina zoyendera limodzi, ndipo mayi wa ganyu, amene malipiro ake amathera m'poto tsiku lomwelo, sangaunjike ndalama zoterozo. Achinyamata a ku Uganda anali ndi mphamvu, ambiri anapitako kusukulu, ndipo dera lawo linali likudzuka nkhondo itangotha, ntchito zikupezeka. Telala akhoza kuyamba ndi makina obwereka pakhonde la sitolo. Komabe umboni wa ku Bangladesh uli ndi pogwira. Maere sanasankhe amene akhale pamwamba kapena pansi pa malire aja. Zinatengera zimene munthu anali nazo kale, ndipo mwina amene anali ndi kakatundu anali osiyana ndi anzawo m'njira zinanso. Ofufuzawo anayesetsa kutseka mpata umenewu, koma wokayika sangatchedwe wamisala. Ndiponso ng'ombezo zinkabwera ndi maphunziro ndi alangizi oyendera pakhomo, si ndalama zongotumiza pafoni.

Pali funso lina limene limabwera nthawi zonse, makamaka kuchokera kwa bambo amene wagwira botolo lachitatu: "Nanga sangomwera ndalamazo?" David Evans ndi Anna Popova anasonkhanitsa kafukufuku 19 wa m'maiko osiyanasiyana ndipo sanapeze kuti olandira ndalama amawonjezera kugula mowa kapena fodya. Ku Siaya, kumadzulo kwa Kenya, kumene bungwe la GiveDirectly linkatumiza ndalama pafoni, olandira zonse nthawi imodzi ankakonda kugula malata, pamene olandira mwezi ndi mwezi ankadya bwino. Woledzera mmodzi wa pamsika amaoneka kwa aliyense chifukwa amaimba. Amayi makumi asanu amene agula mbuzi saimba.

Kwathu kuno nako kunachitika kafukufuku wotchuka. Ku Zomba, mu 2008 ndi 2009, atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo ankalandira ndalama zochepa mwezi uliwonse, ena pa lamulo lakuti mtsikana azipita kusukulu, ena popanda lamulo lililonse. Pa nthawi imene ndalama zinkabwera, a lamulo aja anakhalitsa pasukulu, pamene opanda lamulo anachepetsa kukwatiwa msanga ndi kutenga mimba. Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler atabwerera patatha zaka ziwiri ndalama zitasiya, anapeza kuti zambiri mwa zabwinozi zafufutika. Maukwati amene anaimitsidwa aja anachitika ndithu. Koma ana amene anabadwa kwa atsikana olandira popanda lamulo pa nthawi ya ndalamayo anali otalikirapo pa msinkhu wawo. Wofuna kunyoza pulogalamuyi ali ndi umboni, wofuna kuitamanda alinso nawo, ndipo onse awiri amawerenga pepala limodzi.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi anthu amene amafunsa kuti, "Mtukula Pakhomo anayamba ku Mchinji mu 2006, nanga bwanji olandira sanalemerebe?" Funsoli limasakaniza zinthu ziwiri. Ndalama zambiri zoperekedwa kamodzi kwa munthu wamphamvu zake ndiye zoyesera ngati pali ndowa. Mtukula Pakhomo ndi ndalama zochepa zobwera pafupipafupi, ndipo mwadala amasankha mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wogwira ntchito: okalamba, odwala, olumala, ana olera anzawo. Ngakhale zili choncho, kafukufuku wa ku Salima ndi Mangochi wa pakati pa 2013 ndi 2015 anapeza kuti mabanjawa anayamba kudya bwino, kugula ziweto ndi zipangizo zaulimi, ndipo pa kwacha iliyonse yolandira ankagwiritsa ntchito pafupifupi K1.69, kusonyeza kuti ndalamayo inkabereka. Zimenezi n'zoposa zimene tinawatuma. Gogo wa zaka 75 amene akulera zidzukulu zinayi sadzatsegula golosale, ndipo mkulu wa mu ofesi amene akumudikira kuti "atuluke mu pulogalamu" ndi yemwe uja amene mwezi ukafika pa 20 amayamba kuyendayenda m'makonde kufunsa ngati malipiro alowa.