Galu wa m'maloto anga ankauwa ndani?

Kuno ku Makhanga maloto a galu si onena pagulu. Ukangoti "usiku ndalota galu", aliyense amasanduka Yosefe wa ku Igupto, ndipo amayamba wakupanikiza ndi mafunso. Anali wakuda kapena woyera? Ankagwedeza mchira? Anakuluma pati? Mayankho ake ali nawo kale m'thumba. Woyera wogwedeza mchira ndi bwenzi lokhulupirika. Wakuda wokuthamangitsa ndi mdani, mwinanso uja woyenda pa lichero usiku. Akakuluma dzanja, ndiye kuti amene umadya naye mbale imodzi akukukonzera chiwembu.

Wanga ine anawasokoneza akatswiri onsewa. Anali wofiirira, nthiti zowerengeka, ndipo ankagwedeza mchira uku akuonetsa mano. Bwenzi kumbuyo, mdani kutsogolo.

Mayi a kunyumba sanasiye n'kutakasa phala komwe. "Abambo, ameneyo ndi mlamu wanu. Amakusekererani, koma ndalama zake zija sanaiwale." Ndinawauza kuti maloto ndi nkhani yauzimu, asamailowetse m'za ngongole.

Mkulu wina wa kumpingo anati galu m'maloto ndi mzimu wa chiwerewere. Ananena mokweza, mayi a kunyumba ali chapafupi, moti tsiku limenelo ndiwo zinachepa mchere. Sing'anga naye anati galuyo ndi wotumidwa, ndipo kuti abwerere kwa mwini wake pafunika nkhuku yakuda. Ndinadabwa kuti mizimu inadziwa bwanji kuti nkhuku yanga yonenepa ndi yakudayo.

Amene anandifunsa zanzeru ndi atsibweni, msodzi amene wakalambira m'bwato m'dambo la Elephant Marsh. Za mtundu wa galu analibe nazo ntchito. Anangoti, "Mphwanga, galuyo ankayang'ana kuti?" Iwo akuti mano ndi mchira sizinena kanthu, chifukwa galu wolondera ndi galu wofuna kukuluma onse amauwa mofanana. Akamauwa atakuyang'ana, chimene ukuopacho chili ndi iwe: ngongole, mlandu, kapena mnzako amene unamulakwira. Akamauwa atakufulatira, ndiye kuti waima pakati pa iwe ndi choopsacho, ndipo chofunika n'kuona kumene kwaloza mphuno yake. Galu wamkota sakandira pachabe.

Nditaganiza bwino ndinakumbukira kuti wangayo anandifulatira, mphuno ataloza kunja. Mtima unagunda. Munthu wa ku Blantyre akalota galu akuuwa panja amaganiza za akuba. Ife kuno wakuba wathu wamkulu ndi madzi. Mu 1997 anadula njanji yopita ku Bangula, mpaka sitima inkangothera pano. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake n'kulowa m'midzi, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anadzatenga zimene zinatsala. Munthu amene anathawapo madzi usiku, mwana ali paphewa, sagonanso tulo tonse. Khutu limodzi limakhala panja, ndipo akalota mlonda ndiye kuti mtima wake ukufuna wina woti amudzutse nthawi ikadalipo. Apa sindikuseka.

Choncho ndinayamba kumanga katundu, ngakhale unali Okutobala, kunja kukutentha moti mbuzi zinkakana kuchoka pamthunzi, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Ndinakwezanso thumba la mapira pamtanda wa denga. Aneba anabwera kudzaonerera mneneri wa chigumula cha m'chilimwe.

Ndi mmodzi wa iwo amene anandifunsa ngati usiku wa maloto uja sindinamve galu wanga weniweni, Adzatopa, akuuwa chakum'bandakucha. Paja phokoso la panja limalowa m'tulo, mutu n'kulisokera nkhani yakeyake. Mudzi wonse unamva. Ine mwini galu ndinali kalikiliki kumulota.

Nditapita kukhola ndinapeza chingwe chokha. Mlamu wanga anabwera mbandakucha n'kumasula tonde wanga, kuti ngongole ithe popanda milandu ya kwa amfumu. Adzatopa anauwa, poti ndiyo ntchito yake. Anagwedezanso mchira, poti mlamuyo ndi amene amamuponyera mitu ya mlamba nthawi zonse akabwera. Mayi a kunyumba analondola, atsibweni analondola, ndipo sing'anga anali atadya kale nkhuku.

Ndinapita kwa mlamu kukakambirana za tondeyo mwaulemu, monga anthu apachibale. Ndinapeza Adzatopa ali chigonere pakhonde pawo, mimba ili tototo. Atandiona anadzuka, n'kuima pakati pa ine ndi mbuzi yanga, atandiyang'ana ine.