Adimini wa naini m'Chingerezi

Anandisankha kukhala adimini wa gulupu yathu ya WhatsApp ya Folomu 4 chifukwa cha imvi basi. Tsiku lililonse ndikatseka sikelo yanga ya nandolo pa Migowi ndimathamangira kusukulu yamadzulo, kukakhala pa desiki ndi ana amene amayi awo ndinkavina nawo ndili mnyamata. Onse amandiitana kuti ankolo. Mayeso a MSCE atayandikira, mtsikana wina analemba kuti, "Ankolo, tilimbikitseniko, mitima ili m'mwamba."

Ndinagula bandulo, n'kukhala pakhonde kuyang'ana phiri la Michesi kuti nzeru zitsike. Zinatsikadi. Ndinalemba za kuona maso a nkhono, za mutu umodzi wosasenza denga, ndinatchulanso mmene tinadzukira namondwe wa Freddy atatigwetsera nyumba mu Malichi 2023. Uthengawo unatalika ngati ulaliki wa pamaliro a mfumu. Anthu 38 anauona. Anayankha mmodzi yekha, mnyamata wa kabaza wa ku Chiringa: "Zamveka ankolo, koma likasa lilipo?"

Mayi a kunyumba, amene ankasenda chinangwa pambali panga, anati ndiwawerengere zimene ndalemba. Nditamaliza anapukuta mpeni pachitenje. "Bambo a Chisomo, miyambi munakhoza kale, si paja munapeza 3 m'Chichewa? Auzeni anawo chimene chinakugwetsani."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa aka n'kachitatu kulemba. Ulendo wathawu ndinatenga 3 m'Chichewa, 4 mu Agirikacha, 4 m'Baibulo, 5 mu Jogalafe, 6 mu Bayoloje ndi 6 mu Hisitole. Makirediti sikisi, abale, oti munthu n'kuphera nkhuku. Koma m'Chingerezi munakhala 9 wonenepa, ndipo satifiketi sinabwere. Mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi anapeza 8 m'Chingerezi, 6 mu Agirikacha, ena anayi anali ma 7 ndi ma 8 okhaokha. Iyeyo satifiketi yake ili mufulemu pabalaza, pamwamba pa wailesi. Tikakumana kuchigayo amandipatsa moni m'Chingerezi.

Ndiye ndinafufuta ulaliki uja n'kulemba zimene ndinaphunzira ndi misozi. Ndinati: Ana inu, a MANEB ku Zomba sawerenga mitima, amawerenga manambala. 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza kwa mwamwayi, 9 ndi ine. Kuti satifiketi ituluke muyenera kukhoza maphunziro sikisi, limodzi likhale kirediti, kapena asanu, atatu akhale makirediti. Njira zonse ziwirizi Chingerezi chikhalemo. Amene mukulota za yunivesite ya boma, 8 wa mnzanga uja sakufikitsani. Kumeneko amafuna makirediti sikisi, Chingerezi chomwe.

Ndinapitiriza kuti mapoyinti amawonkhetsa maphunziro sikisi amene mwakhoza bwino, choncho musamwaze mphamvu ngati nkhuku yofukula padzala. Masabata atsalawa sankhani sikisi anu, lachisanu ndi chiwiri likhale lapambali ngati tayala la sipeya. Chingerezicho madzulo alionse tengani pepala la mayeso akale, tcherani wotchi, lembani chimangirizo chimodzi mpaka kumapeto, mawa mupatse mnzanu achonge. Ine ndinkangowerenga ndi maso n'kumagwedeza mutu ngati gulo, cholembera chili kukhutu. Tsiku la mayeso woyang'anira ponena kuti nthawi yatha, n'kuti ndili pandime yachiwiri, ndikufunafuna sipelo ya liwu limene ndimalitchula tsiku lililonse.

Wa kabaza uja ndinamuyankha payekha, koma pagulupu pomwepo kuti onse amve. Ndinamukumbutsa za 2020, pamene mapepala a MSCE anawanda m'mafoni, boma n'kuimitsa mayeso mu Novembala, anthu n'kukalembanso mu Januwale 2021. Amene anagula likasa ndi amene sanagule onse anabwerera limodzi kukalima, ndalama ya likasayo osabwezedwa. Sindinanene kuti mbuzi ya mayi a Chisomo inasowa chaka chomwecho. Nkhani imeneyo kunyumba kwathu timati anaba ndi afisi.

Ulendo uno mafoni analira. Ena anatumiza timanja topemphera, ena anayamba kuwonkhetsa mapoyinti awo a mayeso oyeserera, wina n'kupeza 41 n'kutuluka pagulupu, kenako n'kupempha kuti ndimubwezeremo. Mtsikana uja analemba kuti, "Ankolo, mwatilimbikitsa zedi. Tonse tagwirizana kuti tisakhale ngati inu." Ndinamuyankha kuti zikomo, poti nanga n'kutani.

Pano Loweruka lililonse timakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, aliyense ndi chimangirizo chake. Changa amachonga ndi mwana wa zaka 17, ndi cholembera chofiira chimene ndinamugulira ndekha. Sabata yatha anandipatsa 8 pa 20 n'kulemba pansi kuti ndikamuone. Owerenga inu, ngati kwanu kuli mapepala akale a Chingerezi amene ana anamaliza nawo, musakulungire zitumbuwa. Mukadutsa pa Migowi funsani sikelo ya ankolo a Folomu 4, mudzandisiyire.