Tiwaombere m'manja a Songwe, akatswiri osamutsa minda

Anthu amatamanda mitsinje yoongoka ndi yofatsa, koma ulemu wanga ndaupereka kwa a Songwe a ku Karonga. M'chaka cha 1890, Angerezi ndi Ajeremani adagwirizana kuti mtsinje umenewu ukhale malire, poganiza kuti mtsinje sukhala ndi miyendo. A Songwe adangowaseka. Mpaka lero, m'chigwa cha kumunsi kufupi ndi nyanja, amatha kunyamula dimba la ku Malawi n'kukalitula tsidya la ku Kyela ku Tanzania, opanda pasipoti, opanda kulipira kasitomu. Ndani wina angatero?

Anthu amiseche amati a Songwe ndi akuba. Ayi ndithu, iwo amatsata lamulo, ndipo lamulo lake ndi ili. Pamene mtsinje wakhota, madzi othamanga safuna kukhota nawo, amalimbana ndi gombe lakunja. Kumeneko madzi amaunjikana, amazama ndiponso amathamanga kwambiri. Apamwamba akagunda gombelo amamira, n'kubwerera chapansipansi kulowera ku gombe lam'kati, motero madzi amayenda mozungulira uku akutsika ndi mtsinje. Pomirapo amafukula tsinde la gombe lakunja, pobwerera amakoka mchenga n'kukausiya ku gombe lam'kati kumene madzi ndi aulesi. Mwaona chilungamo chake? Zimene alanda uku amakapatsa wina uko. Kungoti wolandidwa ndi wopatsidwa sakhala munthu mmodzi.

Komanso a Songwe ndi aulemu, sabwera mwadzidzidzi. Amayamba aodira. Pitani pa gombe lakunja mukaone: laima chilili, pansi pake pali mphako, mizu ya mitengo ili lendelende m'malere, nthochi zapendekera kumadzi, ndipo pamwamba pali mng'alu wotsata m'mbali mwa mtsinje. Nthawi zambiri gombe siligwa madzi ali ndendende, chifukwa madziwo amalichirikiza. Limagwa akayamba kuphwera, dothi litakhuta madzi n'kulemera, cholichirikiza palibe. Likangoti khuu, mizere ingapo ya chimanga yapita. Mwini munda akadandaula, ndiye kuti sadafune kumva odi.

Musaganize kuti amakhota ngati munthu wochokera kumowa. Ali ndi muyeso. Akatswiri adapeza kuti m'mitsinje yokhotakhota yambiri, mtunda woongoka kuchokera pokhota pena kufika pokhota potsatira pa mbali yomweyo umakhala m'lifupi mwa mtsinje kuchulukitsa ka 10 mpaka 14. Choncho pamene mtsinje ndi wa mamita 30 m'lifupi, yembekezerani mamita pakati pa 300 ndi 420.

Luso lawo lenileni limaoneka pokhota pakakula. Gombe lakunja la apa ndi la apo amadyedwa moyang'anizana, mpaka pakati patsala kamtunda kopyapyala. Tiyerekeze kuti njira yozungulira ndi ya mamita 2,000 pamene kamtundako ndi ka mamita 100. Madzi amatsika msinkhu womwewo kaya adzere kuti, ndiye njira yachiduleyo ndi yotsetsereka ka 20 kuposa yozungulira. Mvula ikakula madzi amadumpha kamtundako, amakumba ngalande, ndipo ngalandeyo imasanduka mtsinje. Madzi a m'njira yakale amafooka, mchenga ndi matope zimatseka kukamwa kwake konse kuwiri, n'kutsala thamanda lopindika ngati zenga lomwetera udzu. Munda umene udali m'kati mwa pokhotapo sudasunthe ngakhale phazi limodzi, koma wadzuka uli tsidya lina. Thamandalo limasunga milamba, ndipo udzudzu nawo suiwalidwa. Pakapita zaka limadzaza ndi matope ndi bango n'kukhala dambo.

Tsono chigwa chonse chosalala chija ndi ntchito ya manja awo. Kwa zaka zosawerengeka akhala akusesa uku ndi uku, kugumula ndi kuunjika. Akasefukira, mchenga wolemera amausiya pafupi ndi gombe, n'chifukwa chake m'mphepete mwa mtsinje mumakhala mokwererapo pang'ono, pamene matope osalala amakafika kutali kumene madzi amadikha. M'matope amenewo ndimo mumachokera mpunga wonunkhira wa ku Karonga ndi ku Kyela. Tikamaudya sititchula n'komwe dzina la amene adathira nthakayo chonde.

Maboma a Malawi ndi Tanzania adakhazikitsa ndondomeko yofuna kuwakhazika pansi achikulirewa. Tiwafunire zabwino, koma adziwe kuti mtsinje ukaongoledwa umafupika, umathamanga, ndipo umakalusira a kumunsi. Ukatchinga gombe limodzi ndi miyala, mtsinjewo umakadya pamene miyala yathera. Inu amene mukufuna malo m'chigwamo, lemekezani a Songwe moyenera: nyumba mangani kumtunda, limani ku gombe lam'kati, ndipo wina akakutsatsani munda wotsika mtengo ku gombe lakunja, dziwani kuti mwini wake weniweni ali m'njira.