Momwe Mungabisire Shopu Yanu M'masekondi 30

Kanema wotsatsa malonda wafika mpaka kwa atelala a mumsika, ndipo wafika ndi ulemerero wake. Mukatsegula sitetasi ya telala wanu, yemwe uja amapalasa Butterfly pansi pa malata odontha, mumapeza bambo wovala suti yoyera ali m'chipinda chagalasi, akusisita nsalu yonyezimira ndi dzanja la zala zisanu ndi chimodzi. Kumbuyo kwake kukuoneka nyumba zosanja zomwe Limbe yense sanazionepo. Kanemayo amatha musanadziwe chomwe amasoka, komwe amapezeka, ngakhale nambala yoti muimbe. Luso lotere silibwera lokha. Limayambira pa pulomputi, mawu aja mphwanu amalemba pa foni polamula pulogalamu yopanga kanema, ndipo lili ndi malamulo ake.

Lamulo loyamba, lembani zonse mu mpweya umodzi. Muuze pulogalamuyo kuti mukufuna kanema wokongola wa telala wodziwa ntchito amene amasoka madiresi a ukwati, masuti, mayunifolomu, zilundu, makatani, kuika zipi ndi kubweza za kaunjika, makasitomala akusangalala, zonse m'masekondi 30. Osagawa. Kugawa ndi kwa anthu opanda chikhulupiriro. Inde, mapulogalamu ambiri otere amatulutsa tizidutswa tafupitafupi. Veo wa Google amapereka masekondi 8 pa ulendo umodzi, kotero kuti kanema wa masekondi 30 amafuna zidutswa zosachepera zinayi zolumikiza pamanja. Koma inu zisakukhudzeni. Mukathira ntchito zisanu ndi ziwiri m'masekondi 8, diresi limasanduka katani mkwatibwi ali momwemo, ndipo anthu adzaonera kawiri.

Lachiwiri, yambani ndi kumwamba. Kanema wolemekezeka amayamba ndi kamera ikuuluka pamwamba pa msika, ikutsika pang'onopang'ono, kudutsa a tomato, a usipa, a mafoni, mpaka kufika pakhomo panu pa sekondi ya 12. Kenaka mupereke moni. Munthu wolera bwino salowa m'nkhani asanafunse za kunyumba, choncho "Muli bwanji nonse okondedwa makasitomala athu kulikonse komwe muli" atenge masekondi ena asanu. Pofika pamenepo chala cha woonera chadutsa kalekale, ali pa sitetasi ya mlamu wake wogulitsa anapiye. Mwapambana: palibe amene adzakuvutitseni ndi maoda.

Amene akufuna mavutowo amachita mosiyana. Amasankha chinthu chimodzi chogulitsa, malinga ndi nyengo. Tiyerekeze telala wa mumsika wa Limbe kumapeto kwa Ogasiti, sukulu zili pafupi kutsegulira mu Sepitembala. Nkhani yake ndi yunifolomu basi. Asanakhudze foni amatenga pepala ndi kugawa masekondi 30 aja m'zidutswa zisanu ndi chimodzi, chilichonse ndi ntchito imodzi. Kuyambira 0 mpaka 3, mwana waima, manja a shati yake ya chaka chatha akulekezera pamwamba pa mfundo za manja. Kholo lililonse limaidziwa shati imeneyo, ndipo ndi imene imaimitsa chala. Kuyambira 3 mpaka 8, telala akupalasa makina. Pa 8 mpaka 14, tepi ikuyeza phewa la mwana. Pa 14 mpaka 20, kamera ili pafupi kwambiri ndi kolala yomalizidwa ndi mzere wa ulusi wowongoka. Pa 20 mpaka 25, mwana wavala yatsopano, akutembenuka. Masekondi asanu otsalawo ndi a khomo la shopu, dzina ndi nambala, chithunzi chili phee osagwedezeka, chifukwa nambala ya foni ya kuno ili ndi manambala khumi ndipo munthu amafuna nthawi yoti aiwerenge kawiri.

Zoterezo n'zotopetsa, tibwerere ku malamulo.

Lachitatu, ndipo ili ndimalikonda: musatchule komwe muli. Lembani "African tailor" n'kusiya. Pulogalamu ikapatsidwa mpata imadzaza yokha ndi zomwe inaona kwambiri, choncho idzakupatsani mwina chipinda chagalasi chija, mwina mudzi wa dzuwa lofiira ndi mtengo wa mthethe, mwina nsalu ya kente ya ku Ghana pomwe inu mumasoka chitenje. Kasitomala akafika ku Limbe n'kuyamba kufunsa za shopu yagalasi, anyamata a pageti adzamulozera njira ya ku Chichiri. Musatchulenso makina anu. Mukati makina osokera basi, mudzalandira oyera a magetsi okhala ndi kagalasi ka manambala, ndipo oonera adzasirira kuti kwanuko magetsi sathima.

Pulomputi yogwira ntchito imanena za chidutswa chimodzi: kutalika kwake, kamera ili pati, ndani ali pamenepo, wavala chiyani, malo ndi otani, kuwala kukuchokera kuti, ndipo akuchita chinthu chanji chimodzi. Mapulogalamuwa amamva Chingerezi bwino kuposa Chichewa, ndiye chidutswa chachiwiri chija chimalembedwa chonchi:

```
Shot 2. Vertical 9:16, medium shot, static camera.
A tailor in his fifties, grey beard, brown shirt, yellow tape
measure round his neck, pedals a black treadle sewing machine
in a narrow market stall in Malawi. Iron-sheet roof, morning
light from the doorway. No text, no speech, no music.
```

Zija za 9:16 zikutanthauza kanema woimirira, wodzaza foni munthu ataigwira mwachizolowezi. Mukaiwala, mumapeza wogona, kakang'ono pakati pa mdima pamwamba ndi pansi. Pulogalamu ikakupatsani masekondi 8, mumadulapo asanu abwino, ena atatuwo n'kutaya, chifukwa kawirikawiri kumapeto n'komwe phazi limayamba kumira m'chopalasira.

Lachinayi, sinthani mawu pa chidutswa chilichonse kuti muonetse kuti munapita kusukulu. Pachiwiri mwati bambo wa ndevu zaimvi, pachitatu muziti katswiri wachikulire, pachisanu mmisiri wansangala. Pulogalamu siikumbukira munthu amene inapanga mphindi yapitayo. Idzakupatsani amuna atatu osiyana, mmodzi wadazi, ndipo anthu adzadziwa kuti bizinesi yakula, mwalemba antchito. Ofuna munthu mmodzi amakopera chiganizo chomwecho, ndevu zaimvi, shati yabulauni, tepi yachikasu, liwu ndi liwu m'pulomputi iliyonse, kapena amapatsa pulogalamuyo chithunzi cha telala weniweni kuti iyambirepo. Ngakhale atatero, maluwa a chitenje amasintha pakati pa zidutswa. N'chifukwa chake ochenjera amamuveka shati ya mtundu umodzi yopanda maluwa.

Malamulo ena ndi aang'ono, sitichedwa nawo. Pemphani kamera ifike pafupi ndi zala zikulowetsa ulusi pa singano, kapena sizasi ikudula nsalu, popeza apa ndi pomwe mapulogalamuwa amaonetsera ufiti wawo: sizasi imadutsa nsalu ili yosadulika. Ikani nyimbo ya woimba wotchuka osapempha, Facebook ikatseka mawu muziti ndi nsanje. Yesani kambirimbiri pa bandulo ya tsiku limodzi.

Lachisanu ndi lalikulu: lolani pulogalamu ikulembereni chikwangwani. Iuzeni kuti pakhoma pakhale dzina la shopu ndi nambala yanu. Idzalemba zilembo zooneka bwino patali, koma mukayandikira n'kupeza chilembo china chabwerezedwa, china chatembenuka, nambala ili ndi manambala asanu ndi anayi, kapena khumi a munthu wina wa ku Karonga. Anthu osafuna zosangalatsazi amalemba "No text", ndipo poti nthawi zina pulogalamu imalembabe zake, amaonera chidutswa chilichonse asanachigwiritse ntchito. Dzina, nambala, ndi mawu oti Airtel Money kapena Mpamba amazilemba okha mu CapCut, pakatikati pa chithunzi, osati mmunsi momwe WhatsApp imaikamo mawu ake.

Mawu olankhula nawonso apatseni makina. Palibe chokoma ngati kumva "yunifolomu" akutchulidwa ndi liwu lomwe silinaonepo mwana wa sitandade 3. Telala wathu wa ku Limbe uja, poti ndi wamakani, amajambula liwu lake pa foni mmamawa msika usanadzuke, chigayo chisanayambe. Amawerenga ali ndi wotchi, ndipo amapeza kuti mawu a Chichewa ndi aatali, opitirira 40 sakwana popanda kuthamanga ngati kondakitala. Ake ndi awa: "Sukulu ikutsegulira. Yunifolomu ya mwana ikukwana? Bwerani nayo tibweze, kapena tisoke yatsopano. Timayeza mwana pompano, osati kungoganizira. Mwasiya Lolemba, mutenga Lachinayi. Msika wa Limbe, mzere wa atelala, chitseko chobiriwira. Imbani nambala ili apayi." Chidutswa chilichonse chili ndi mawu ake, ndipo pakati pamatsala mpata woti makina amveke akulira. Za Lachinayizo n'zoopsa kwa mtundu wa anthu omwe anayambitsa mawu oti "mubwere mawa, kwangotsala mabatani", koma ndi chiganizo chokhacho chomwe kholo limabwereza kunyumba.

Apa nthabwala ithe kaye, chifukwa izi zimandinyansa. Kolala ya pa sekondi 14 mpaka 20 siyenera kupangidwa ndi pulogalamu. Munthu amene akugulitsa luso la manja ake n'kuonetsa msoko womwe sanasoke akunama, ndipo mayi amene wakwera minibasi ndi ana awiri chifukwa cha msoko umenewo wabedwa nthawi ndi ndalama. Kolala, khomo la shopu ndi nkhope ya mwini wake zimajambulidwa ndi foni, pakhomo pomwe pali kuwala, foniyo itatsamira pa chinthu kuti isanjenjemere. Ngati mwana ali m'kanemayo ndi weniweni, makolo ake avomereze kaye. Mukatero mudzaona kuti pa zidutswa zisanu ndi chimodzi zija, zinayi kapena zisanu foni yazitha yokha, ndipo ntchito yaikulu ya pulomputi inali kukukakamizani kulemba pa pepala chomwe chikuoneka pa sekondi iliyonse.

Koma ngati mwatsimikiza mtima kukhala m'chipinda chagalasi, pali lamulo lomaliza. Musamuonetse munthu aliyense kanemayo musanamuike pa sitetasi. Makamaka musamuonetse mayi wogulitsa mandasi pafupi nanu, mawu mutatseka, n'kuwafunsa kuti, "Mayi, apa akugulitsa chiyani, ndipo mungawapeze kuti?" Iwo akhoza kuyang'anitsitsa, n'kukuyankhani mwaulemu kuti, "Abambo, kodi si za inshuwalansi izi?" Ndiye mudzayenera kuyambiranso, bandulo itatha.