Wamva m'mimba watumiza chithunzi cha chitseko

Makolo ankati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Masiku ano wamva m'mimba sadzukanso pamphasa. Amajambula chitsekocho pafoni, n'kutumizira amalume ake, iye n'kufundanso bulangete.

Lachiwiri lapitali, cha m'ma 9 koloko usiku, foni yanga inalira. Anali mwana wa mlongo wanga, wa Fomu 2, amene amakhala kwathu ku Nambuma. Moni panalibe, "amalume thandizeni" panalibe. Chithunzi chokha, cha tsamba la kope lowalitsidwa ndi tochi, chala chake chamanthu chitaphimba ngodya imodzi. Pakati pake panali x² − 5x + 6.

Tsono ndichite nayo chiyani? Samu imeneyi ili ngati nkhuku imene mlendo wangoitula pakhonde osanena kanthu: ndi yoweta kapena ya ndiwo? Ngati aphunzitsi akufuna kuti aigawe m'magulu awiri ochulukitsana, yankho ndi (x − 2)(x − 3), basi. Koma ngati kumapeto kuli "= 0", ntchito ipitirire mpaka tipeze x, amene ndi 2 kapena 3. Mawu onena chochita anali pansi pa chala chija.

Mtima wina unkati mupatse mayankho onse awiri, asankhe yekha, iwe ugone. Koma a MANEB sagula yankho lopanda njira yake, malikisi ambiri amakhala m'mizere yapakati. Komanso pakopepo panalibe ngakhale pofufutidwa pamodzi. Mwana amene wayesa n'kulephera umamuonetsa pomwe waphonya. Uyu cholembera sanachigwire n'komwe.

Ndinamulembera kuti: "Chotsa chalacho. Kenako undipezere manambala awiri, ukawachulukitsa atuluke 6, ukawaphatikiza atuluke −5."

Anayankha mwachangu ngati wothamangira kuthengo: "−6 ndi 1."

Msampha wake ndi womwewo, ndipo nanenso unandikola ndili pasukulu. Kuphatikiza, −5 watulukadi. Koma −6 kuchulukitsa ndi 1 ndi −6, osati 6. Ndinamuuza kuti 6 wathu alibe mainasi, choncho manambala awiriwo ayenera kukhala a mtundu umodzi, onse a mainasi kapena onse opanda. Poti kuphatikiza kwawo kukutsikira ku −5, onse ndi a mainasi. Patapita mphindi khumi, −2 ndi −3 anafika, pamodzi ndi chithunzi chopanda chala. "= 0" analipodi.

"Ndiye ndakhoza, amalume?"

"Usafunse ine. Ika 2 pamalo pa x."

4 kuchotsa 10, kuphatikiza 6. Ziro. Anatumiza kankhope koseka, ine n'kudzimva ngati hedimasitala. Pofuna kuona ngati chitseko angatsekule yekha, ndinamupatsa x² − 7x + 12, ndili phee kudikira −3 ndi −4.

Kunacha. Masana ake chithunzi chinabweradi, chopandanso mawu: uthenga wa kampani ya foni wonena kuti bandulo yake yatha. Chimenechi chokha ndinachimva popanda kufunsa.