Kalata yopita kwa achemwali yautsa nkhani ku Chinamwali

Sabata ino anthu ku Chinamwali aiwalako za mtengo wa chimanga. Nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ya kalata ya mtsikana wina wa Fomu 3 yopita kwa mkulu wake ku Lilongwe. Kamlongo kake, kamene kanatumidwa kukaipereka kwa mayi wina wapaulendo, kanayamba kaiwerengera anzake panjira.

Akuti inalembedwa motere: "Achemwali, ndayamba kudziphoda pokonzekera ukwati wa amalume. Onani chithunzichi mundiuze zoona, musandinyengerere ayi. Anzanga akuti ndatchena, koma amayi anangondiyang'ana osayankhula."

Kumjigo amayi agawanika. Ena akuti mwana wasukulu alimbikire mabuku kaye, ena akuti wachita mwaulemu pofunsa m'bale wake. Agogo ena anangofunsa ngati mwanayo wadwala, poti nkhope yatuwa mbuu ngati wachokera kuchigayo. Anyamata akabaza nawo aikapo mlomo: akuti nsidze imodzi yakwera kuposa inzake, mwini wake akuoneka wodabwa tsiku lonse.

Amene anayankhula zogwira mtima ndi mayi wa saluni ya pafupi ndi msika. Atangoona chithunzicho anati vuto ndi faundeshoni: ndi yowala kuposa khungu la mwanayo, n'chifukwa chake nkhope ndi khosi zikuoneka ngati za anthu awiri. Atsikana ambiri amaiyesera padzanja, ali mumthunzi wa m'sitolo, chonsecho dzanja ndi nkhope kawirikawiri sizifanana mtundu. Iye amapaka timizere titatu ta mitundu yoyandikana pansagwada, n'kutulutsa kasitomala panja masana. Kamzere kamene kasowa pakhungu, osaonekanso pamene kathera, ndiye mtundu wake. Amadikiranso mphindi zingapo, chifukwa faundeshoni ina imada ikasakanikirana ndi mafuta a pakhungu. Ine ndikugwirizana naye, ndipo zimandiwawa kuona mwana wakhungu lakuda bwino akugulitsidwa mtundu wowala pomunamiza kuti ndiwo wokongola.

Yankho la achemwali lafika Lachinayi, ndipo ulendo uno mwini wake waliwerenga yekha pasaluni. "Mng'ono wanga, lipisitiki yofiirira ija yakukhala, usaisinthe. Faundeshoniyo si yako. Nsidze usajambule mzere umodzi wautali. Lemba timizere ting'onoting'ono motsatira tsitsi, ndi pensulo yabulauni. Phoda upake pachipumi ndi pamphuno pokha, pamene umanyezimira kukatentha. Usiku usambe nkhope usanagone, ungatuluke ziphuphu, ndipo pensulo ya m'maso usabwerekane ndi anzako."

Botolo la faundeshoni lija mtsikanayo wampatsa mnzake woyererapo. Loweruka akupita mu tauni ya Zomba ndi mayi wasaluni uja kukasankha lina, ndipo amayi ake anena kuti apita nawo.