Mapepala 275 m'chidebe

Kalabu yathu ya masamu ku Folomu 3 inali ndi anthu 12, atsikana 7 ndi anyamata 5, ndipo pankafunika komiti ya anthu atatu yokonza ulendo wa kunyanja ku Salima. Zovota zinakanika chifukwa aliyense ankadzivotera yekha. Apa m'pamene ndinakweza dzanja, ine amene palibe anandifunsa, n'kunena kuti tichite maere: ndilemba komiti iliyonse yotheka pa kapepala kakekake, tiponye m'chidebe, aphunzitsi atolepo kamodzi.

"Timapepalato tikhala tingati?" anafunsa aphunzitsi.

Ndinayankha ndi chifuwa chotukula. Malo oyamba angapite kwa aliyense mwa anthu 12, achiwiri kwa mmodzi mwa 11 otsala, achitatu mwa 10. Kuchulukitsa, 12 × 11 × 10 = 1320. Aphunzitsi anangomwetulira, kumwetulira komwe ndinakuyesa ulemu.

Madzulo ndinayamba kung'amba makope. Mlongo wanga wamng'ono, wa pulayimale, ankandithandiza kupinda, ndipo posapita nthawi anaimika manja.

"Achimwene, Wamtali, Wamfupi ndi Wamagalasi awa ndawapinda kale. Mwangowatembenuza."

Ndinamuuza kuti za ku sekondale sangazimve. Koma nditasanthula muluwo ndinapeza anthu atatu omwewo pa timapepala 6. Zinayenera kutero, pakuti anthu atatu angathe kuima pamzere m'njira 3 × 2 × 1, ndipo ine ndinkalemba mzere uliwonse ngati komiti yatsopano. Kuwerenga kotereku ndi pemyuteshoni, kumene kumasamala za amene ali patsogolo ndi amene ali pambuyo. Kukanakhala kolondola tikanati woyamba pa kapepala ndi wapampando, wachiwiri mlembi, wachitatu msungichuma, chifukwa Wamtali akasinthana udindo ndi Wamfupi zinthu zasinthadi. Koma komiti yathu inalibe maudindo. Imeneyo ndi kombineshoni: 1320 kugawa ndi 6, yankho 220. Pa kakyuleta batani lake ndi nCr, ine ndinali pa njira ya nPr. Kope la agirikacha linali litapita kale.

M'mawa ndinalengeza 220 ngati kuti ndinkadziwa kuyambira kale. Anyamata anadandaula kuti poti atsikana ndi ambiri, komiti ikhoza kutuluka yopanda mnyamata, ndiye tinagwirizana kuti mukhale mnyamata mmodzi kapena kuposerapo. Zosavuta, ndinatero. Choyamba sankha mnyamata, njira 5. Kenako tenga awiri aliwonse mwa anthu 11 otsala, 11 × 10 kugawa ndi 2, njira 55. Kuchulukitsa, 275. Ndinagawa ndi 2 mwaluso, n'kudziyamikira kuti ndaphunzirapo.

Taonani nambalayo. Makomiti onse otheka ndi 220, ndiye amene ali ndi mnyamata angakhale bwanji 275? Nkhuku zakuda sizingachuluke kuposa nkhuku zonse za m'khola. Ine sindinaone. Ndinalemba timapepala tonse 275, mnyamata aliyense mulu wake wa 55, n'kupita nato m'chidebe cha amayi.

Aphunzitsi anapisa dzanja, n'kutulutsa komiti ya anyamata okhaokha, ine ndili momwemo.

Phokoso lake! Mtsikana wina wa kumbuyo, amene sankalankhulalankhula, anakhuthula chidebe pa desiki, ndipo sanavutike kupeza kapepala kena ka anyamata atatu omwewo, kenako kachitatu.

"Iwe, wabera," anatero.

Sindinabere, koma umboni unali m'manja mwake. Anapita pa bolodi n'kuonetsa pamene panali chinyengo changa chosadziwa. Komiti ya anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi ndinailemba kawiri, m'mulu wa mnyamata woyamba komanso m'mulu wa wachiwiri. Ya anyamata atatu ndinailemba katatu. Ya mnyamata mmodzi yokha ndi imene inalowa kamodzi. Iye anawerenga mtundu uliwonse paokha. Mnyamata mmodzi ndi atsikana awiri, 5 × 21 = 105. Anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, 10 × 7 = 70. Anyamata okhaokha, 10. Zonse pamodzi 185. Kenako, pofuna kundimaliza, anatenga 70 kawiri ndi 10 katatu, n'kuphatikiza ndi 105, ndipo inatuluka 275 yanga ndendende.

Aphunzitsi anawonjezera njira yachidule, imene mpaka lero imandipweteka chifukwa cha kufupika kwake. Makomiti opanda mnyamata ndi a atsikana okhaokha, atatu mwa 7, omwe ndi 7 × 6 × 5 kugawa ndi 6, ndiye 35. Chotsani 35 pa 220, mwatsala ndi 185.

Cholakwa cha 1320 chinangondidyera mapepala, poti komiti iliyonse ikanalowa kasanu n'kamodzi mofanana. Ichi chachiwiri chinapendeketsa maere. Makomiti a anyamata okhaokha anayenera kukhala ndi timapepala 10 pa 185, ine ndinawapatsa 30 pa 275, mwayi wawo n'kukwera pafupifupi kawiri. Kufotokozera atsikana 7 okwiya kuti zimenezi zinachitika mwangozi ndi ntchito imene sindinaithe.

Maere anachitikanso tsiku lomwelo, koma mwa njira ya mtsikana uja: timapepala 12, dzina limodzi pa kalikonse, kutola titatu, ndipo akatuluka atsikana okhaokha kubweza tonse n'kuyambiranso. Dzina langa silinatuluke. Komiti yatsopano inakumana pa nthawi yopuma, ndipo mfundo yake yoyamba inali yoti ine ndikhale wonyamula madzi ndi mapoto paulendo wonse.